Masekondi 16 a Azakhali

Kanema wa ukwati wa mng'ono wanga anafika Lachitatu madzulo, patatha masabata atatu chichitikireni mwambowo. Sanali womaliza ayi. Wojambula anatumiza woti tione kaye, dzina la situdiyo yake lili pakati pa chithunzi ngati chidindo, ndipo anati tikakhutira adzatiikira pa fulashi Loweruka. Tinakhala anthu anayi pabalaza kwathu ku Lilongwe: ine, amayi, mng'ono wangayo ndi mwamuna wake. Za kutchalitchi zinadutsa bwino. Kujambulitsa kumaluwa, kulowa muholo, kudula keke, zonse tinkangoti eya, eya. Kenako inafika perekani-perekani.

Woyendetsa mwambo ataitana akuchimuna, amene anatsogola anali azakhali aakulu a mlamu wanga, mayi wa zaka zopitirira 60 amene anachokera ku Dedza m'bandakucha wa tsikulo. Anabwera akuvina mwaulemerero, ndalama zili m'manja, nthungululu zili pakamwa. Atatsala pang'ono kufika pa lichero, nsapato inaponda m'mphepete mwa chitenje. Chitenje chinamasuka, iwo anagwa chogwada, duku linathawa. Woyendetsa mwambo, pofuna kupeputsa zinthu, anaponya nthabwala pa maikolofoni, holo yonse inaseka. Atsikana awiri anathamanga kukawaphimba. Zonsezi zinatenga masekondi 14, ndipo kamera inazigwira bwino lomwe, nkhope ndi zonse.

Pabalaza paja panalibe amene anaseka. Amayi anangoti, "Izi zisapite ku Dedza."

Ndinali mlembi wa komiti ya ukwatiwo ndipo ndine ndinagwirizana mtengo ndi wojambula, choncho ntchito yomuuza inagwera ine. Usiku umenewo ndinaona kuti uthenga wa mtundu uwu umavuta kulemba kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo chimene chimauvutitsa si kusowa kwa mawu aulemu. A "chonde" ndi a "pepani" tili nawo ambiri. Chimene timalephera ndi kunena chinthucho molunjika, chifukwa takula tikudziwa kuti nkhani ya munthu wamkulu amene wavulidwa pagulu siitchulidwa, imazunguliridwa.

Uthenga woyamba umene unabwera m'mutu mwanga unali wotere: "Achimwene, pali kena kake kosakhala bwino ku perekani-perekani kuja, chonde mukachotse." Ukumveka waulemu, koma ndi katundu amene wasenzetsa mnzako. Perekani-perekani ya mu kanema wathu inali ya mphindi zoposa 50. Munali ana olimbirana malo, munali abambo ena amene anali atalawa, munali mayi wina amene anaponya ndalama kenako n'kutenga chenji chochuluka mokayikitsa. "Kena kake" ndi kati pamenepo? Wojambula akanayenera kuonera zonse n'kumalota, kapena kundifunsa. Akanandifunsa, ine ndikanayamba kufotokoza mwatsatanetsatane, mwinanso kujambula kachigawoko ndi foni n'kumutumizira kuti aone. Pamenepo chinthu chimene ndikufuna kufafaniza ndikanachibereka kachiwiri, chili chokha, chachifupi, chokonzeka kutumizidwa kwa wina aliyense. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo manyazi a polemba uthenga wotere amapweteka mwini nkhani yemweyo amene tikuti tikumuteteza.

Mlamu wanga anali ndi uthenga wake, wa mtima uli m'mwamba. Iye ankafuna tifunse kuti, "Munajambuliranji zimenezi, ndipo munaziikiranjimo?" Ndinamumvetsa, ndi azakhali ake. Koma funsolo ndi lopanda chilungamo. Wojambula pa perekani-perekani sazimitsa kamera, chifukwa akaphonya munthu mmodzi akufupa, mawa lake ndi mlandu. Sadziwa kuti uyu ndi ndani pa mtundu. Ndipo pokonza kanema amakhala ndi zojambula za maola asanu kapena asanu ndi limodzi zoti azifinye zikhale maola awiri, nthawi zambiri usiku, ali ndi maukwati ena awiri akudikira. Kwa iye mphindi imene holo yonse yaseka ndi mphindi ya moyo, ndipo alipo akwati ena amene amakwiya ikachotsedwa. Munthu amene wamuyamba ndi mlandu amayamba ndi kudziteteza, ndipo masekondi anu 14 amasanduka mkangano wa masabata awiri.

Kudula kumatanthauza chiyani kwa wokonza kanema

Kuti upemphe bwino, uyenera kudziwa chimene ukupempha. Ambiri timaganiza kuti kudula kanema kuli ngati kung'amba tsamba m'kope. Mbali ina n'zoona. Pa kompyuta, mu pulogalamu monga Adobe Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, kanema amayalidwa ngati mzere wautali, zithunzi pamwamba, mawu pansi. Wokonza amaika chizindikiro poyambira ndi pothera, n'kuchotsa chapakati. Zimenezi sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Vuto ndi chilonda chimene chatsala.

Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zothamanga, kawirikawiri 25 pa sekondi iliyonse. Masekondi 14 ndi zithunzi 350. Ukazichotsa n'kulumikiza mbali ziwiri zotsalazo, anthu onse amene ali m'chithunzi amadumpha. Amene anali kumanzere amapezeka ali kumanja, amene anakweza dzanja latsika mwadzidzidzi. Diso la woonera limagwira msanga, ndipo pakamwa pamatsatira: "Apa adula. Adula chiyani?" Munthu amene anali muholo tsikulo amayamba kufotokozera amene kunalibe, ndipo nkhani imene munaikwirira yafukulidwa. Wokonza waluso amaphimba chilondacho ndi chithunzi china, monga cha akwati akumwetulira kapena cha manja akuwerenga ndalama patebulo, chochokera ku kamera yachiwiri. N'chifukwa chake funso loyamba lofunika kulidziwa ndi lakuti tsikulo panali makamera angati. Ife anali awiri, ina yoima pa miyendo itatu kumbuyo kwa holo, ina ya m'manja. Pakakhala kamera imodzi, wokonza amabwereka kachithunzi ka nthawi ina ya mwambowo, ndipo zimatheka, koma zimafuna kusankha mosamala kuti asaonetse munthu ali pampando pamene sekondi yapitayo amavina.

Chovuta kwenikweni ndi mawu. Perekani-perekani imayenda ndi nyimbo, ndipo nyimboyo inajambulidwa pamodzi ndi chilichonse chimene chinamveka muholo. Wina angaganize kuti n'kosavuta: siyani mawu apitirire, musinthe chithunzi chokha. Koma m'mawumo ndi mmene muli nthabwala ya woyendetsa mwambo ndi chiseko cha anthu. Woonera angamaone akwati akumwetulira kwinaku akumva azakhali akutchulidwa pa maikolofoni. Ojambula ambiri amatenga mawu kuchokera pa makina a dijeyi kuti amveke bwino, koma nthawi zambiri m'chingwe chimenecho nyimbo ndi mawu a pa maikolofoni zimatuluka zitasakanizika kale, ngati shuga m'tiyi. Ndiye mawuwo ayenera kudulidwa nawo. Ukawadula paliponse, nyimbo imapunthwa, ndipo khutu limamva kupunthwako msanga kuposa mmene diso limaonera kudumpha.

Njira yake ndi kudula motsata kugunda kwa ng'oma. Tiyerekeze nyimbo ikugunda ka 120 pa mphindi, liwiro lofala pa nyimbo zovinira. Kugunda kunayi kumatenga masekondi awiri, ndipo nyimbo zotere zimakonda kuyenda m'zigawo zobwerezabwereza. Wokonza akachotsa zigawo zathunthu, mwachitsanzo masekondi 16 m'malo mwa 14, nyimbo imagwera pamalo pake ngati palibe chachitika. Apa pali phunziro kwa wolemba uthenga: muuze wojambula chimene sichiyenera kuoneka ndi kumveka, koma musiyire mpata wosankha podulira penipeni. Ukamulamula kuti adule masekondi 14 okha basi, wamumanga manja pa ntchito imene iye amaidziwa kuposa iwe.

Ena amapempha kuti nkhope ya munthuyo ingoikidwa chimbuuzi ngati mmene amachitira pa nkhani za pa wailesi yakanema. Ine sindivomereza. Mu kanema wa ukwati, chimbuuzi ndi chala cholozera. Aliyense amadziwa chitenje cha azakhali ake.

Chotsala ndi nthawi. Akamaliza kudula, kompyuta iyenera kutulutsa kanema yense kachiwiri, ntchito imene pa sikirini imalembedwa kuti Export. Kanema wa maola awiri angatenge ola kapena maola angapo, malingana ndi mphamvu ya kompyutayo, ndipo magetsi akazima pakati, zimayambiranso. Ngati fulashi yaperekedwa kale, kapena kanema waikidwa pa intaneti, pali kukoperanso ndi bandulo yoikiranso. Pempho lililonse latsopano ndi ulendo wina wa zonsezi. Choncho musatumize lero "chotsani apa," mawa "tinaiwala apa," mkuja "amayi akuti apanso." Onerani kanema yense mpaka kumapeto, cholembera chili m'manja, mulembe zonse pa pepala limodzi.

Ife titaonera mpaka kumapeto tinapeza kuti nkhaniyo sinathere pa kugwa paja. Patapita mphindi zisanu ndi imodzi, pamene anzake a mkwati akuntchito ankafupa, kumbuyo chakumanja kunkaoneka azakhali akutulutsidwa panja ndi atsikana aja, akumanga chitenje, akupukuta m'maso. Tikanathamangira kulemba uthenga pa mkwiyo woyamba, zimenezi zikanatsala.

Uthenga umene tinatumiza

Ndinayamba ndi kuimba foni Lachinayi m'mawa, mwachidule: kumupatsa moni, kumuthokoza, ndi kumuuza kuti pali kapempho kamene ndikulembera pa WhatsApp kuti manambala asasokonekere. Kuimba kunali kwa ulemu, kulemba kunali kwa ntchito. Uthenga wa mawu ojambula ndinaupewa dala, chifukwa munthu ali pa kompyuta sangamabwerezebwereze kumvera kuti apeze nambala, komanso mawu otere amamveka kwa aliyense amene ali naye m'chipinda. Ndinalemba motere:

"Mwadzuka bwanji achimwene. Ndine mchemwali wake wa mkwatibwi, amene tinagwirizana za ntchitoyi. Kanema tamuonera dzulo mpaka kumapeto pamodzi ndi akwati, ndipo takondwa kwambiri, makamaka mmene munagwirira polowa m'tchalitchi ndi mawu a malumbiro, akumveka bwino zedi. Zikomo.

"Tili ndi pempho limodzi musanatulutse womaliza. Mu kanema amene munatumiza Lachitatu, kuyambira pa 01:12:40 mpaka pa 01:12:54, mayi ovala chitenje chobiriwira anapunthwa pofupa. Ndi kholo lathu. Tikupempha kuti kachigawo kameneka kachoke, chithunzi ndi mawu omwe, kuphatikizapo zimene zinanenedwa pa maikolofoni. Koma chonde mayiwo asachoke mu kanema: pamene akubwera akuvina, kuyambira cha pa 01:12:10, pakhale. Akuonekanso kumbuyo chakumanja pa 01:19:05 mpaka 01:19:12 akutuluka panja; ngati n'kotheka, napo pabisike. Podulira penipeni tikusiyira inu akatswiri.

"Tikupemphanso kuti kachigawoka kasalowe mu kanema wamfupi uja, kapena pa tsamba lanu lotsatsira malonda, ndipo anyamata amene munagwira nawo ntchito muwadziwitse chimodzimodzi. Tikudziwa kuti ndi ntchito yowonjezera, choncho ngati pali mtengo wake mutiuze, ndipo ngati Loweruka lafupika tikhoza kudikira. Ndalama yotsala ija tipereka Loweruka monga tinapanganirana. Akwati akudziwa za uthengawu ndipo avomereza. Zikomo kwambiri achimwene."

Muli zinthu zingapo mmenemu zimene ndinazilimbana nazo ndisanatumize. Kuyamikira kwa poyamba si nyambo. Ndinatchula malumbiro chifukwa analidi omveka bwino, ndipo munthu waluso amasiyanitsa pakati pa "mwagwira ntchito yabwino" wongoyalira njira ndi mawu a munthu amene waoneradi. Manambala a nthawi ndinawatenga poimitsa kanema n'kuwerenga pansi pa sikirini: ola, mphindi, sekondi. Ndinatchula kuti ndi a kanema wa Lachitatu chifukwa wokonza angakhale atasintha kale zina, ndipo akachotsa kanthu koyambirira, manambala onse a kutsogolo amasuntha. Mtundu wa chitenje ndi wothandiza ngati manambala aphonyana pang'ono. Dzina la azakhali sindinalilembe, ndipo za kumasuka kwa chitenje sindinazifotokoze. "Anapunthwa pofupa" ndi zokwanira. Wojambula ali ndi maso, akafika pamenepo aona yekha, ndipo uthengawo utagwera m'manja mwa munthu wina, suvula aliyense. Mawu atatu akuti "ndi kholo lathu" anagwira ntchito ya ndime yonse ya zifukwa. Palibe Mmalawi amene amafuna kumasuliridwa mawu amenewo.

Za ndalama ndinazitchula ndekha iye asanazitchule. Ojambula ambiri amalola kusintha kamodzi popanda kulipiritsa, makamaka kanema asanatuluke, koma kumeneko n'kufuna kwawo kapena n'zimene munapangana pachiyambi, si ngongole. Ndipo ndinasiyanitsa dala pempho ndi ndalama yotsala. Ndaonapo anthu akulemba kuti "tikupatsani balansi mukachotsa." Amenewo ndi mawu a chikole. Munthu amene akusunga zojambula zonse za tsiku lanu si woti muzimuopseza, ndipo ngakhale mukanakhala ndi mphamvu zomuopsezera, sanalakwe kanthu.

Chiganizo chakuti akwati avomereza n'chofunika kuposa mmene chikuonekera. Ojambula amalandira mafoni kuchokera kwa alendo, alamu, ngakhale zibwenzi zakale, aliyense akufuna ichi chichoke, icho chikhale. Wojambula wanzeru samvera aliyense koma amene anamulemba ntchito. Ngati inu ndinu mlendo amene zinakuchitikirani, njira yachidule ndi kudzera kwa akwati kapena kwa ankhoswe, iwo ndiwo alembe. Ndipo alembe munthu mmodzi, ku nambala ya wojambulayo, osati pa gulu la WhatsApp la komiti limene muli anthu 40 amene theka lawo anali ataiwala kale za kugwako.

Asachoke mu kanema

Pa zonse zimene ndinalemba, chiganizo chimene ndimachiona chachikulu ndi chija chakuti mayiwo asachoke. Poyamba sichinalimo. Amayi ndiwo anandiimitsa nditawawerengera. Anati, "Ukawachotsa onse, udzawayankha chiyani akadzafunsa?"

Kanema wa ukwati kwathu kuno si chikumbutso chabe. Ndi kaundula. Amasonyeza amene anabwera, amene anavina, amene anafupa, ndi mbali imene inatuluka mwamphamvu. Akafika kumudzi, anthu saonera akwati kwenikweni, amadzifufuza okha. Azakhali aja anagulitsa mbewu zawo kuti apeze ya basi ndi yofupa, anasoketsa chovala, anatsogolera akuchimuna onse. Wojambula akauzidwa mwachidule kuti "chotsani mayi a chitenje chobiriwira," njira yosavuta kwa iye ndi kuchotsa chigawo chonse, kuyambira pamene aimirira. Ndiye tsiku loonera likafika, azakhali a mkwati mulibemo. Kwa iwo, ndiponso kwa onse a ku Dedza, tanthauzo lake likanakhala limodzi: akuchikazi, anthu a m'tauni, achita nawo manyazi. Bala limenelo likanaposa la kugwa, chifukwa kugwa ndi ngozi, pamene kuchotsedwa ndi chiweruzo cha munthu. Banja latsopano likanayamba ndi mlandu wa ankhoswe pa chinthu chimene tinachita pofuna zabwino.

Choncho pempho labwino limanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, chochoka ndi chotsala, ndipo chotsalacho chimafunika manambala ake ngati chochokacho.

Funso lina linali lakuti kodi tiwauze eni ake. Apa sindinganene kuti pali lamulo limodzi. Alipo anthu amene amaseka okha za kugwa kwawo ndipo angadandaule kuti mwachotsa pokoma. Mnyamata amene anang'amba buluku povina mwina angakonde kuti zikhale. Munthu wotere mufunseni. Koma mayi wamkulu amene anatuluka muholo akulira wayankha kale. Kupita kukawafunsa kuti "tichotse kodi paja munagwa?" ndi kuwagwetsanso. Ife tinauza mwana wawo wamkazi yekha, mwakachetechete, kuti ngati mayi akuda nkhawa ndi kanema, awatsimikizire kuti mulibe choopsa. Tinamva pambuyo pake kuti masabata atatu onsewo iwo ankakana kumva za kanemayo.

Wojambula anayankha masana omwewo. Anati wamva, sipakhala mtengo wina, koma apereka Lolemba m'malo mwa Loweruka. Anawonjeza chinthu chimene sindinachiyembekezere: kanema wamfupi wa mphindi zinayi, amene amaika pa tsamba lake, anali atamukonza kale, ndipo kugwako kunalimo, chifukwa mnyamata wake anakuona ngati kosangalatsa. Anali asanamuike. Tikanachedwa masiku awiri, bwenzi nkhani ili ina.

Pa chigawo chachiwiri, cha azakhali akutuluka kumbuyo, sanadule konse. Kamera inajambula mu 4K, chithunzi cha timadontho 3840 m'lifupi ndi 2160 m'litali, pamene kanema wotipatsa anali wa 1920 ndi 1080. Kusiyana kumeneko kumapatsa wokonza mpata wokoka chithunzi mpaka kawiri popanda kuwononga kuwala kwake. Anangokokera pa anyamata ofupawo, mbali ya kumanja inagwera kunja kwa sikirini. Anzake a mkwati anatsala onse, nyimbo sinakhudzidwe. Ndikanalamula kuti "dulani," bwenzi anthu asanu ndi awiri atataya malo awo mu kanema popanda chifukwa. Mawu akuti "pabisike" anamusiyira njira.

Lolemba ndinapita ndekha kukatenga, ndipo ndisanachoke ndinapempha kuti tionere malo awiriwo pa kompyuta yake. Musachite manyazi kupempha zimenezi, ndipo muonere kuchokera pa fulashi imene mukupita nayo, chifukwa kukopera fayilo yakale molakwitsa kumachitika. Poyamba ndinaonera ndi maso, kachiwiri ndinatsinzina n'kumvetsera chabe, kufuna kumva ngati nyimbo ikupunthwa kapena chiseko chatsalira. Anachotsa masekondi 16. Chigawo chachiwiri ndinachipeza pa 01:18:49, chitasuntha ndi masekondi omwewo. Kanema wa Lachitatu uja tinamufufuta m'mafoni mwathu tonse anayi, ndipo iye anatseka linki imene anatitumizira.

Pamene uthenga sufika

Pali malire amene ndiyenera kuwanena poyera. Kudula mu pulogalamu sikufufuta zojambula zoyambirira. Mafayilo ochokera mu kamera amakhalabe pa hadi disiki ya wojambula mpaka atawafufuta yekha. Kumupempha kuti afufute fayilo yonse n'kovuta, chifukwa fayilo imodzi ingakhale ndi mphindi zambiri za anthu ena. Chimene mungapemphe ndi lonjezo lolembedwa lakuti sadzazigwiritsa ntchito kwina kulikonse, ndipo yankho lake la pa WhatsApp musunge. Kumbali ina, mafayilo amenewa ndi aakulu, ndipo ojambula amawafufuta pakapita nthawi kuti apeze malo a ntchito zatsopano. Mukabwera patatha chaka, mwina chotsala ndi kanema womaliza yekha. Kudula kumathekabe, koma popanda kamera yachiwiri yophimbira ndiponso popanda mpata wokoka chithunzi, chilonda chimaoneka.

Ngati kanema waikidwa kale pa intaneti, zimadalira malo. Pa YouTube mwini tsamba angathe kudula chigawo chapakati kudzera mu YouTube Studio linki osasintha. Pa WhatsApp, batani la Delete for everyone limagwira ntchito kwa masiku awiri okha kapena kupitirira pang'ono, ndipo amene anasunga kale kanemayo kwina amakhala nayebe. Maukwati ambiri masiku ano amaulutsidwanso pompopompo pa Facebook kuti abale a ku Joni ndi ku Mangalande aonere. Ngati zinatero, funsani ngati chojambulidwacho chikadali pa tsamba, chifukwa chimenecho sichinadutse m'manja mwa wokonza aliyense. Ndiye pali mafoni a alendo. Muholo munali anthu mazana, ambiri manja ali m'mwamba. Madzi akatayika saoleka, ndipo wojambula wanu musamusenzetse mlandu wa kanema amene sanajambule iye. Ife tinamva za mtsikana mmodzi amene anaika kugwako pa Status yake tsiku lomwelo. Mkwatibwi anamuimbira yekha, ndipo anachotsa maola 24 asanakwane.

Ena adzafunsa za malamulo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amateteza ulemu wa munthu mu gawo 19 ndi ufulu wa zinsinsi zake mu gawo 21, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu. Ndi bwino kudziwa kuti zilipo, makamaka ngati wina wakana kuchotsa chinthu chonyazitsa chimene wachifalitsa. Koma mu uthenga woyamba musazitchule. Kutchula lamulo kwa munthu amene sanakane kanthu ndi kumuuza kuti mwamuyesa kale mdani, ndipo kuyambira pamenepo adzachita chokhacho chimene akukakamizidwa. Wathu uja anatiuza za kanema wamfupi mwa kufuna kwake, chifukwa tinamulankhula ngati mnzathu pa ntchito yoteteza kholo.

Fulashi inapita ku Dedza pa Khirisimasi. Mlamu wanga anabwereka wailesi yakanema kwa aphunzitsi a pafupi, anaiika pakhonde, anthu anadzaza pabwalo mpaka ana kukwera pa nkhokwe. Azakhali anakhala kumbuyo, pa mkeka, chammbali. Mng'ono wanga akuti nthawi ya akuchimuna itayandikira, iwo anaweramitsa mutu n'kuyamba kusewera ndi m'mphepete mwa chitenje. Kenako mwana wina anakuwa, "Agogo awo!" Anadzutsa maso. Pa sikirini anali iwo, akubwera kutsogolo kwa mtundu wawo wonse, mapewa akugwedezeka, ndalama zili m'mwamba. Chithunzi chinatembenukira kwa akwati akuwomba m'manja, ng'oma ikugunda mosalekeza, kenako kwa amalume akuponya zawo mu lichero. Amayi a pabwalo paja analuluta. Azakhali anakhala chete kanthawi, kenako anauza mlamu wanga kuti, "Tabwezeretsa pamenepo, sindinaone bwino nsapato zanga."